Lebulo likunena zoona, koma silikunena zonse

Mphatso yoyamba imene ndinagulira bambo anga ndi ndalama za thukuta langa inali kabotolo ka mchere. Ndinali nditangolandira kangachepe pa ganyu imene ndinagwira pa holide, ndipo ndinkafuna kupita kunyumba nditanyamulako kanthu kosonyeza kuti kusukulu sindikungokhala. Bambo ali ndi matenda a impso okhalitsa, amene anabwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kwa zaka zambiri. Adokotala anawauza kuti matendawa ali pa gawo lachinayi mwa magawo asanu, kutanthauza kuti impso zawo zikugwira pafupifupi kota ya ntchito yake, ndipo anawalamula kuchepetsa mchere. Tsono nditaona m'sitolo ina m'tauni mchere wolembedwa kuti uli ndi sodiyamu wochepa, wojambulidwanso mtima wofiira patsogolo pake, sindinaganize kawiri. Unali wodula kuposa mchere wamba, ndipo kudulako kunandipatsa chikhulupiriro kuti ndagula chinthu chenicheni.

Amayi anaulandira ndi manja awiri. Ndiwo za bambo amaphika mu kapoto kawokawo, ndipo kuyambira tsiku limenelo anayamba kuthira mchere watsopanowo. Popeza sukolera msanga ngati mchere wamba, komanso popeza tonse tinkakhulupirira kuti ndi wosavulaza, ankathira mosaumira, pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi pa tsiku. Bambo anasangalala kuti ndiwo zayambanso kumveka. Patatha milungu isanu ndi umodzi anayamba kudandaula kuti miyendo ikulemera, koma tinangoti ndi matenda omwewo. Mwayi wake, tsiku lawo lokapimitsa magazi linali pafupi. Potaziyamu wa m'magazi mwawo, amene ulendo wapitawo anali pa 4.8, anapezeka ali pa 6.1. Mwa munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 3.5 ndi 5.0, ndipo akadutsa 6 mtima ukhoza kusokonezeka kagundidwe kake, ngakhale kuima kumene.

Tsiku limenelo bambo sanabwerere kunyumba msanga. Anawapima mtima, anawapatsa mankhwala otsitsa potaziyamu, ndipo adokotala anayamba kufunsa mafunso. "Kodi kunyumba mwasintha chiyani pa kadyedwe?" Amayi anayankha molimba mtima kuti: "Palibe, adokotala. Nthochi analeka kalekale, mapeyala sayandikira. Ngakhale mchere tinasintha, mwana wathuyu anatigulira wabwino wa anthu odwala." Adokotalawo anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Wabwinowo ndi uti? Mungandionetse?" Ndinali ndi chithunzi chake m'foni, chifukwa ndinali nditachitumiza kwa achemwali anga modzitama. Anachikulitsa, n'kuloza tizilembo ting'onoting'ono ta kumbuyo kwa botolo. Chinthu choyamba pa mndandanda wa zimene zili mkatimo sichinali mchere wamba. Chinali potaziyamu kolorayidi.

Ine ndimaphunzira za zilankhulo ndi zolembalemba. Zaka zitatu tsopano aphunzitsi akhala akundiuza kuti ndisamangomva zimene nkhani ikunena, ndizifunsanso zimene yasiya osanena. Koma pa botolo la mchere ndinawerenga mutu wokha, ngati munthu wolowa mayeso atangoona chikuto cha buku. Kuyambira pamenepo ndaphunzira kuwerenga malebulo a zakudya, ndipo ndafika pa maganizo awiri amene ndikufuna kuwateteza pano. Oyamba ndi akuti ife amene tinapita kusukulu, amene timatumidwa kusitolo ndi makolo, tiyenera kudziwa kuwerenga mndandanda wa zosakaniza, osati mawu akuluakulu a kutsogolo. Achiwiri ndi akuti ngakhale titawerenga bwino chotani, lebulo la masiku ano silipatsa wodwala impso zimene akufunikira, ndipo lamulo liyenera kusintha.

Tiyambe ndi masamu a kabotolo kaja, chifukwa ndi amene anandikhalitsa pansi. Opanga mchere wotere amachotsa gawo la mchere wamba n'kuikamo potaziyamu kolorayidi, amene pa malebulo ena amangolembedwa kuti KCl kapena E508. Mu umene ndinagula ine, magawo awiri mwa atatu anali potaziyamu kolorayidi. Sipuni yaing'ono imodzi ya mchere imalemera pafupifupi magalamu 5, ndiye kuti magalamu 3.3 mwa amenewa anali KCl. Ndipo mu KCl, kupitirira pang'ono theka la kulemera kwake, 52 pa 100, ndi potaziyamu weniweni. Mukachulukitsa mupeza magalamu 1.7, kapena kuti mamiligalamu 1,700, mu sipuni imodzi yokha. Nthochi imodzi yapakatikati imakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 420. Bambo anasiya nthochi imodzi imene ankadya m'mawa, ine n'kuwabweretsera nthochi zinayi tsiku lililonse zobisika mu sipuni.

Kuti muone kukula kwake, odwala impso amene auzidwa kuchepetsa potaziyamu nthawi zambiri amapatsidwa malire a mamiligalamu 2,000 mpaka 3,000 pa tsiku, kuchokera m'zakudya zonse pamodzi. Sipuni ija inkadya gawo lalikulu la malirewo bambo asanakhudze nsima, nyemba kapena masamba. Kuwonjezera apo, amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi otchedwa enalapirili. Mankhwalawa, pamodzi ndi anzake monga losatani, amateteza impso, n'chifukwa chake madokotala amawakonda, koma amachititsanso kuti thupi lisunge potaziyamu. Choncho panakumana zinthu zitatu: impso zofooka, mankhwala osunga potaziyamu, ndi mchere wanga. Choopsa n'chakuti potaziyamu akamakwera nthawi zambiri samveka m'thupi. Ena amafooka, ena amamva mtima kudumphadumpha, koma ambiri samva kanthu. Chimene chimaulula ndi kupima magazi basi.

Patapita masiku, potaziyamu atabwerera m'malo mwake, katswiri wa zakudya wa kuchipatala anatiuza za mdani wachiwiri, fosifeti. Ngati potaziyamu ali ngati mphezi, fosifeti ali ngati chiswe. Sagwetsa munthu tsiku limodzi. Impso zikalephera kumutulutsa amaunjikana m'magazi pang'onopang'ono, ndipo thupi poyesa kukonza zinthu limayamba kukoka kashiamu m'mafupa. Mafupa amafooka, khungu limayabwa, ndipo kashiamu uja akaphatikana ndi fosifeti amakakhala m'makoma a mitsempha ya magazi n'kuiumitsa. Izi zimatenga miyezi ndi zaka, ndipo mathero ake amakhala pa mtima. Anthu ambiri odwala impso samwalira ndi impso zenizenizo, amamwalira ndi matenda a mtima ndi mitsempha.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti fosifeti yense si wofanana. Amene ali mwachilengedwe mu nyemba, nandolo, mtedza ndi chimanga amakhala womangika mu mtundu umene matumbo a munthu sautha kuumasula bwino, moti thupi limatengako osafika theka. Wa mu nyama, nsomba ndi mkaka thupi limatengako pafupifupi theka kapena kuposerapo pang'ono. Koma amene amathiridwa ku fakitale amakhala womasuka kale, ndipo pafupifupi yense, 90 pa 100 kapena kuposa, amalowa m'magazi. Tanthauzo lake ndi ili: mamiligalamu 100 a mu nyemba za amayi ndi mamiligalamu 100 a mu poloni si katundu wofanana kwa impso za bambo. Ife kunyumba tinali titayamba kuziopa nyemba, koma poloni ya pa buledi m'mawa tinkaiona ngati yosalakwa, poti ndi kagawo kopyapyala.

Kodi amamuthiriranji? Fosifeti ndi wantchito wakhama m'mafakitale a zakudya. Mu soseji, poloni ndi nyama zina zokonzedwa amathandiza nyama kugwira madzi, kuti ikhale yofewa komanso yolemera pa sikelo. Mu bekingi pauda ndi amene amathandiza kufufumitsa masikono ndi makeke. Mu zakumwa zakuda za kola amabwera ngati asidi wopatsa kakomedwe kowawasa kaja. Mu tchizi cha timagawo amachititsa kuti chisungunuke bwino, ndipo mu ufa woyera uja timathira mu tiyi m'malo mwa mkaka amaletsa kuti usachite mibulu. Amapezekanso m'manudozi ambiri a mphindi ziwiri, chakudya chimene ife a ku hositelo timachidziwa kuposa dzina la mkulu wa dipatimenti. Palibe chinyengo pamenepa. Zonsezi n'zololedwa, ndipo kwa munthu wa impso zabwino zotsalira zimangotuluka ndi mkodzo.

Tsono nayi njira imene ndimatsata ndikaima pa shelefu. Choyamba, ndimatembenuza paketi. Za kutsogolo ndi mawu a wotsatsa malonda, ndipo mawu oti sodiyamu wochepa, amene kale ankandikopa, tsopano amandichenjeza, chifukwa mchere ukachotsedwa kawirikawiri pamalowa china, ndipo chinacho chimatha kukhala potaziyamu. Chachiwiri, ndimadumpha tebulo la manambala n'kupita pa mndandanda wa zosakaniza. Tebulo lija limanena za mphamvu, mafuta, shuga, mapuloteni ndi sodiyamu, koma pa mapaketi ambiri a m'masitolo athu mulibe mzere wa potaziyamu kapena fosiforasi. Kusalembedwa pa tebulo sikutanthauza kuti mulibe. Kumangotanthauza kuti palibe anawakakamiza kulemba.

Chachitatu, pa mndandandawo ndimasaka zilembo zinayi: PHOS. Mayina a mankhwalawa ndi aatali komanso ambiri, koma onse ali ndi zilembo zimenezi penapake, kaya koyambirira, pakati kapena kumapeto. Sindifunika kudziwa kutchula dzinalo, ndimangofunika kuona zilembozo. Pa katundu wochokera ku Mozambique, wolembedwa m'Chipwitikizi, ndimasaka FOSF. Vuto limabwera pamene opanga alemba nambala m'malo mwa dzina, zimene malamulo amalola. Apa ndinachita kuloweza, ngati mmene tinkalowezera matebulo ku pulayimale: kuyambira E338 mpaka E341, kenako E343, kenako E450, E451 ndi E452. Nthawi zina chilembo E sichikhalapo, pamangokhala nambala yokha kapena zilembo INS patsogolo pake, koma nambalayo ndi yomweyo. Kwa potaziyamu ndimasaka zilembo POTAS, ndiponso manambala E508, E326 ndi E332. Nambala E340 ndimaiopa kawiri, chifukwa ili ndi onse awiri, potaziyamu ndi fosifeti.

Ndipereke chitsanzo cha tsiku lina amayi atandituma kukagula zodyera buledi ndi zothira mu tiyi. Ndinatola poloni. Pa mndandanda panali nyama ya nkhuku, madzi, sitachi, soya, mchere, kenako mawu osonyeza zolimbitsa chakudya otsatana ndi E450 ndi E451, kenako zokometsera ndi zoteteza kuti isaonongeke. Ma fosifeti awiri, ndinaibweza. Ndinatola mtundu wina, wolembedwa kutsogolo kuti mchere ndi wochepa. Mu umenewu munali E451 yemweyo, n'kuwonjezerapo E326, amene ndi potaziyamu lakiteti, mankhwala amene amathiridwa mu nyama mochulukirapo ndithu kuti isaonongeke msanga. Ndiye kuti poloni yooneka ngati ya odwala inali yoipa kwambiri kwa bambo kuposa yoyamba ija. Pa ufa wothira mu tiyi ndinapeza E340. Ndinatuluka m'sitolomo ndi mazira ndi kapaketi ka mkaka weniweni, woti bambo azithirako pang'ono monga anawauzira kuchipatala. Dzira nalo lili ndi fosiforasi, makamaka mu chikasu chake, koma ndi wachilengedwe, ndipo likubwera ndi mapuloteni amene thupi lawo likufunika.

Pali msampha wina umene ndinagweramo nditangoyamba, wochita mantha ndi chilichonse. Nditafika kunyumba ndinatenga paketi ya mchere wamba, uja timagula tonse, ndipo ndinapezapo mawu akuti potaziyamu ayodeti. Ndinatsala pang'ono kuutaya. Koma ameneyu ndi ayodini uja amathiridwa mu mchere poteteza chithokomiro, ndipo kuchuluka kwake ndi mamiligalamu ochepa chabe pa kilogalamu yathunthu ya mchere. Potaziyamu wake ndi wosawerengeka n'komwe. N'chimodzimodzi E202, woteteza majalini ndi majusi kuti asachite nkhungu, kapena E950, wotsekemeretsa zakumwa zopanda shuga: ali ndi potaziyamu m'dzina, koma amathiridwa pang'ono kwambiri. Chothandiza kusiyanitsa n'chakuti zosakaniza zimalembedwa motsatana ndi kulemera kwake, chochuluka poyamba, chochepa pomaliza. Pa botolo langa lija KCl anali woyamba. Chikhala kuti ndinkadziwa lamulo laling'ono limeneli, bwenzi nditalisiya pa shelefu.

Mwina wina afunsa ngati kutopa konseku kumathandizadi. Ku Ohio, m'dziko la America, ofufuza anayesa zimenezi pa odwala 279 amene ankasefedwa magazi ndi makina ndipo anali ndi fosiforasi wokwera. Gulu lina analiphunzitsa kupewa zakudya zothiridwa fosifeti pogula m'sitolo ndi m'malo odyera, n'kulipatsa kagalasi kokulitsira zilembo. Gulu linalo linapitiriza monga mwa masiku onse. Patatha miyezi itatu, fosiforasi wa gulu lophunzitsidwa anali atatsika ndi 0.6 mg/dL kuposa wa gulu linalo. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2009 m'magazini ya zachipatala ya JAMA. Nambalayo ikuoneka yaing'ono, koma inapezeka popanda mankhwala atsopano, ndi maso okha. Chimene chimandikhudza ine pa kafukufukuyu ndi kagalasi kaja. Ngakhale ofufuzawo anavomereza kuti uthenga umene wodwala akuufuna walembedwa mwa tizilembo toti sangathe kutiwerenga.

Apa ndi pamene maganizo anga achiwiri akubwera. Ndikapeza E451 pa paketi, ndadziwa kuti fosifeti alimo, koma sindinadziwe kuti alimo wochuluka bwanji. Mapoloni awiri akhoza kukhala ndi nambala yomweyo, ina yothiridwa pang'ono, ina kwambiri, ndipo lebulo silindithandiza kusankha. Adokotala akauza bambo kuti asapitirire mamiligalamu akutiakuti pa tsiku, akuwapatsa bajeti m'sitolo yopanda mitengo. Dziko la America linasintha malamulo ake mu 2016 kuti kuchuluka kwa potaziyamu kuzilembedwa pa tebulo la zakudya, koma fosiforasi sanamukakamize. Ku Ulaya, bungwe loona za chitetezo cha zakudya la EFSA mu 2019 linaika malire a fosifeti pa mamiligalamu 40 a fosiforasi pa kilogalamu iliyonse ya thupi la munthu pa tsiku, ndipo linanena poyera kuti malirewa sakukhudza anthu amene impso zawo zafooka kwambiri. Ndiye kuti ngakhale kumene malamulo ndi okhwima, anthu ngati bambo anga amatchulidwa ngati otsala kunja kwa mpanda.

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi mbali ina. Zakudya zambiri za m'mapaketi m'masitolo athu akuluakulu zimachokera ku South Africa. Dziko limenelo linakhazikitsa lamulo lochepetsa sodiyamu mu buledi, soseji, supu wa m'mapaketi, makyubu okometsera ndiwo ndi zina, limene linayamba kugwira ntchito mu 2016 n'kukhwimitsidwanso mu 2019. Ndi lamulo labwino, ndipo ndikanakonda tikanakhala nalo. Koma imodzi mwa njira zimene opanga zakudya amachepetsera sodiyamu popanda kutaya kukoma ndiyo kuthira potaziyamu kolorayidi. Choncho chinthu chimene banja lakhala likugula zaka zambiri chikhoza kusintha mkati, paketi ili yomweyo. N'chifukwa chake ndimawerenganso ngakhale zinthu zimene ndinaziwerenga kale chaka chatha.

Chimene ndikupempha si chachikulu. Bungwe loona za miyezo ya katundu la MBS, limene lili kale ndi malamulo a malebulo a zakudya za m'mapaketi, likhoza kulamula zinthu ziwiri. Choyamba, mchere uliwonse wokhala ndi potaziyamu kolorayidi ukhale ndi chenjezo kutsogolo, m'zilembo zazikulu, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, lakuti odwala impso ndi omwa mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi asaugwiritse ntchito asanafunse kuchipatala. Ndivomereze kuti pa botolo langa chenjezo linalipo. Ndinalipeza pambuyo pake, pansi penipeni kumbuyo, m'Chingerezi, m'zilembo zochepa kuposa nyerere. Chachiwiri, chakudya chilichonse chothiridwa fosifeti kapena potaziyamu wochuluka chilembe kuchuluka kwake pa magalamu 100, monga chimachitira ndi sodiyamu.

Ndikudziwa zimene anganene otsutsa, ndipo zina mwa izo n'zomveka. Anganene kuti mchere wa potaziyamu umapulumutsa anthu, ndipo akunena zoona. Kafukufuku wamkulu wa ku China, wa anthu pafupifupi 21,000 m'midzi 600, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anapeza kuti mchere wokhala ndi kota ya potaziyamu kolorayidi unachepetsa sitiroko ndi 14 pa 100. Mu Januwale 2025 bungwe la WHO linalangiza kuti akuluakulu akhoza kusinthira ku mchere wotere. M'dziko lathu, mmene kuthamanga kwa magazi kuli pafupifupi m'banja lililonse, sindingafune kuti uletsedwe. Koma kafukufuku wa ku China uja sanalowetsemo anthu odziwika kuti ali ndi matenda aakulu a impso, ndipo langizo la WHO nalo likupatula anthu otere. Kupatula kumeneku kuli m'mabuku a akatswiri. Ine ndikungopempha kuti kufike pa botolo, pamene pali maso a wogula. Ndipo tisaiwale kuti matenda a impso amayamba mwakachetechete, ndipo amakonda anthu omwewo a kuthamanga kwa magazi ndi shuga, amene mtima wofiira wa pa botolo ukuwaitana.

Anganenenso kuti kupima kuchuluka kwa zinthuzi n'kodula kwa opanga zakudya ang'onoang'ono, ndipo mtengowo udzagwera ogula. Pamenepa ndingagonjeko pang'ono: lamulo liyambe ndi makampani akuluakulu ndi katundu wolowa kuchokera kunja, ndipo likhudze okhawo amene athira mankhwalawa. Wothira amadziwa kale kuchuluka kwa zimene wathira, chifukwa anachita kuyeza pa sikelo. Ndipo tiyerekeze mtengo wa mzere umodzi pa lebulo ndi mtengo wa mbali inayo. Makina osefa magazi m'zipatala za boma ndi owerengeka, ali m'zipatala zazikulu zokha monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu ku Lilongwe, ndipo munthu akawayamba amafunika kupitako kawiri kapena katatu pa mlungu moyo wake wonse. M'dziko lotere, chilichonse chothandiza wodwala kukhala bwino asanafike pamenepo si chinthu chapamwamba cha anthu olemera.

Kutsutsa kumene kumandivuta kwambiri n'kwakuti Amalawi ambiri sadya za m'mapaketi okhala ndi malebulo. Amagula mchere wa pa mulu, ufa wa mkaka wopimidwa m'timapepala ta pulasitiki, soseji yootcha pamsewu, masikono a pa hokala. Zimenezi zilibe chowerenga. Kumudzi kwa agogo therere amaphika ndi chidulo, madzi osungunulira phulusa, ndipo phulusa la zomera ndi lodzaza ndi potaziyamu. Palibe lamulo la MBS limene lidzafike pa mphika wa agogo. Ndikuvomereza. Lebulo si yankho la zonse, ndipo pa zopanda lebulo chimene chatsala ndi kudziwa mtundu wa chakudyacho: nyama yokonzedwa ku fakitale uiganizire fosifeti ngakhale yavulidwa paketi, chofufumitsidwa ndi bekingi pauda chimodzimodzi, ndipo chidulo chisayandikire mphika wa wodwala impso. Koma kukhalapo kwa zakudya zopanda lebulo si chifukwa choti zokhala nalo zizingonena theka.

Ndimalize ndi chenjezo kwa anzanga amene muli ndi wodwala kunyumba, chifukwa kulakwa kwanga kwachiwiri kunali kupitirira muyeso. Mantha atandigwira, ndinayamba kulanda bambo chilichonse: nyemba ayi, usipa ayi, masamba ayi. Anayamba kuwonda, ndipo tsiku lina anakankha mbale n'kundiuza kuti, "Iwe, kodi ukufuna ndife ndi impso kapena ndi njala? Sankha chimodzi." Katswiri wa zakudya uja anawaikira kumbuyo. Anatiuza kuti si wodwala impso aliyense amene ayenera kuchepetsa potaziyamu kapena fosifeti, zimatengera zotsatira za magazi ake, ndipo ena potaziyamu wawo amakhala wotsika kumene. Anatiuzanso kuti pofuna kudula, tiyambe ndi zothiridwa ku fakitale, chifukwa zimalowa m'magazi pafupifupi zonse ndipo sizibweretsa phindu lililonse m'thupi. Zachilengedwe zimachepetsedwa pambuyo, mwa muyeso. Mbatata ndi kachewere, mwachitsanzo, amayi amazisenda, kuzidula ting'onoting'ono, kuziwiritsa m'madzi ambiri n'kutaya madziwo, ndipo potaziyamu wambiri amapita nawo.

Panopa bambo amadya nyemba kawiri pa mlungu, ndiwo zawo zimathiridwa mchere wamba pang'ono kwambiri, ndipo amayi amakometsa ndi anyezi, adyo ndi mandimu. Ulendo wapitawu potaziyamu wawo anali pa 4.7. Manambala aja ndinawalemba pa kapepala kamene amayi amasunga m'kachikwama ka ndalama, ndipo akakayikira amajambula kumbuyo kwa paketi n'kunditumizira ndili m'kalasi. Kabotolo kaja sindinakataye. Kali pa shelefu ya mabuku m'chipinda changa ku hositelo, kotembenuzidwa, kumbuyo kwake kukuyang'ana kutsogolo.